Mutu wowawa chifukwa cha foni ndi kompyuta: kupeza gwero lake ndi kupumitsa maso moyenera

Pakati pa ife olankhula Chichewa okhala mu Harare, kaya ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Epworth, pali dandaulo limene likumveka mobwerezabwereza. Munthu amadzuka ali bwinobwino, koma pofika masana mutu wayamba kulemera pamphumi, maso akuwotcha, ndipo akamwa panado ululu umazizira n'kubweranso mawa lake pa nthawi yomweyo. Odandaulawo ndi makalaliki a m'maofesi, ophunzira amene amawerenga manotsi pa foni, ndiponso amalonda amene amalandira maoda pa WhatsApp ndi ndalama pa EcoCash tsiku lonse. Vutoli limabwerera chifukwa piritsi limangoziziritsa ululu, pamene chimene chikuuyambitsa chikupitirira monga kale.

Malangizo ali m'munsimu asanjidwa motsatira zizindikiro, ndipo pa chizindikiro chilichonse zifukwa zayambira pa chofala kwambiri kutsikira pa chosowa. Ngati mutu wanu wayamba mwadzidzidzi ndi mphamvu yoopsa, kapena diso lasiya kuona, musawerenge zonsezi. Pitani pa gawo la zizindikiro zoopsa kumapeto.

## Chimene chimatopa m'diso

M'kati mwa diso muli disolo lofewa limene limasintha kukhuthala kwake kuti tione bwino chinthu chapafupi, ndipo limene limalisintha ndi kamnofu kozungulira disololo. Mukayang'ana kutali, kamnofuko kamamasuka. Mukayang'ana pafupi, kamakungika n'kukhala chikungikire mpaka mutachotsa maso pamenepo. Nthawi yomweyo minofu ina ya kunja kwa diso imakokera maso onse awiri chakumphuno kuti alunjike pa chilembo chimodzi. Zili ngati kunyamula ndowa ya madzi mkono uli chitambasulire: ndowayo siilemera kwenikweni, koma mukapanda kuitula, mkono umayamba kunjenjemera.

Akatswiri a maso amayeza ntchito imeneyi m'madayoputa, ndipo kuwerengera kwake n'kosavuta: gawani 100 ndi masentimita a pakati pa diso ndi chimene mukuyang'ana. Foni yogwiridwa pa masentimita 25 imafuna madayoputa 4, pa masentimita 40 imafuna 2.5, pamene chinthu chimene chili pa mamita 6 chimafuna pang'ono kwambiri moti diso limakhala ngati lapuma.

Chachiwiri chimene chimasokonekera ndi kuphethira. Munthu akamacheza amaphethira ka 15 kapena kuposerapo pa mphindi, koma akalunjika maso pa sikirini amatsika kufika mwina ka 5 mpaka 7, ndipo kuphethira kwina kumakhala kosamaliza, chikope cham'mwamba osafika pa cham'munsi. Misozi yopyapyala imene imakuta diso imauma m'malo ena, ndipo kuwotcha kumayambira pamenepo.

## Kapumitsidwe koyenera

Njira yodziwika kwambiri imatchedwa 20-20-20: pa mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chimene chili pa mtunda wa mafiti 20, omwe ndi mamita 6, kwa masekondi 20. Manambalawa anasankhidwa kuti asavute kukumbukira, ndipo ngati masekondi 20 akukucheperani, palibe cholakwika kuwonjezera kufika mphindi yathunthu. Ambiri amene amati anayesa njirayi koma sinawathandize, mukawafunsitsa mumapeza kuti analakwitsa chimodzi mwa zinthu zitatu izi.

Choyamba, amapuma mutu utayamba kale kuwawa. Kupuma kumeneku ndi koteteza, osati kochiza. Kuyenera kuyamba pa mphindi 20 zoyambirira za m'mawa, maso akadali opepuka. Minofu ikatopa mpaka ululu kufika pamphumi, masekondi 20 sangaubweze.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa ndimachiona paliponse, amachoka pa kompyuta n'kutenga foni. Kwa diso kumeneko si kupuma ayi, ndi kulisenzetsa katundu wolemera kuposa amene linali nawo, pakuti foni imakhala pafupi kuposa kompyuta ndipo zilembo zake ndi zazing'ono.

Chachitatu, amayang'ana khoma limene lili pa mita imodzi. Sankhiranitu chinthu chimodzi chakutali chimene muzichiyang'ana nthawi zonse, monga mtengo wa panja pa zenera, denga la nyumba ya kutsidya kwa msewu, kapena chitseko cha kumapeto kwa khonde, ndipo muchiyang'ane mpaka chioneke bwinobwino. Muli chiyang'anire choncho, phethirani pang'onopang'ono kakhumi, zikope zikumane ndithu.

Pa tsiku la ntchito la maola 8, kupuma kotere kumachitika ka 24, ndipo mukaphatikiza ndi mphindi 8 zokha. Kuwonjezera apo, imirirani kwa mphindi 5 pa ola lililonse, muyende pang'ono, mumwe madzi, mugwedeze mapewa. Popeza munthu akatanganidwa saona nthawi, tcherani alamu, koma foniyo muiike patali pang'ono kuti poizimitsa musayambe kuwerenga mauthenga. Amene ntchito yawo siilola alamu angamangirire kupumako ku ntchito yeniyeniyo: kasitomala akachoka, kapena tsamba limodzi la maakaunti likatha, maso apite pa zenera.

## Chizindikiro choyamba: mutu wolemera pamphumi ndi kuseri kwa maso, woyamba masana

Uwu ndiwo mutu weniweni wa kutopa kwa maso. Sugunda ngati litsipa, koma umalemera kapena kufinya mbali zonse ziwiri, umakula pamene ntchito ikupitirira, ndipo pa tsiku limene simunagwire foni kapena kompyuta kwambiri sumabwera.

1. Kuyang'ana pafupi nthawi yaitali osadukiza. Dzifunseni kuti papita nthawi yotani chiyang'anire kunja. Ngati yapitirira ola, yambani ndi kapumitsidwe kafotokozedwa pamwambapa kwa milungu iwiri musanaganize za china.
2. Sikirini yayandikira kwambiri. Khalani mmene mumakhalira pa ntchito, tambasulani mkono. Nsonga za zala zingokhudza sikirini ya kompyuta, womwe ndi mtunda wa masentimita 50 mpaka 70. Foni ikhale pa masentimita 40, osati pansi pa mphuno.
3. Zilembo zachepa. Munthu sayandikira sikirini mwadala. Amakokedwa ndi zilembo zazing'ono. Pa kompyuta, powerenga masamba a intaneti, dinani `Ctrl` pamodzi ndi `+` kuti zikule, ndipo pa foni lowani mu `Settings`, kenako `Display`, muwonjezere kukula kwa zilembo. Zakula mokwanira ngati mukutha kuziwerenga msana uli chitsamire pa mpando.
4. Vuto la maso losayezedwa. Pali anthu amene amaona bwino ndithu, koma diso lawo limachita kudzikakamiza kuti lione choncho, ngakhale poyang'ana kutali. Ena galasi la kutsogolo kwa diso lawo silinapindike mofanana mbali zonse. Phimbani diso limodzi, muwerenge, kenako linalo. Ngati pali kusiyana koonekeratu, kapena ngati milungu iwiri ya kupuma moyenera sinasinthe kanthu, kayezetseni.
5. Maso awiri kulephera kugwirizana pafupi. Gwirani cholembera patali, muchibweretse pang'onopang'ono kumphuno. Ngati chagawika pawiri chikadali patali kuposa masentimita 10, uzani woyeza maso. Vutoli limathandizidwa ndi masewero a maso kapena magalasi apadera.

## Chizindikiro chachiwiri: maso owotcha, ofiira pang'ono, omva ngati muli mchenga

Ena amadabwa kuti maso awo akutuluka misozi koma akuuzidwa kuti ndi ouma. Zimatheka: diso likauma limanyerenyesa, ndipo thupi limayankha ndi misozi yamadzimadzi imene imangoyenderera osakhazikika pa diso.

1. Kuphethira kochepa. Pemphani mnzanu akuwerengereni kuphethira kwanu kwa mphindi imodzi pa nthawi imene simukudziwa. Chothetsera ndi kuphethira mwadala pa kupuma kulikonse.
2. Mpweya wouma. Mzinda wa Harare uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okotobala mvula siigwa kwenikweni. Mu Ogasiti ndi Seputembala mphepo imabwera ndi fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire. Ngati maso anu amavuta kwambiri m'miyezi imeneyi n'kupepuka mvula ikayamba, gwero lake ndi lomweli. Musalole fani, hita kapena makina oziziritsira m'ofesi kuuzira molunjika kumaso, ndipo m'kombi pewani kukhala pa zenera lotsegula muli pa foni.
3. Sikirini yakwera. Mukayang'ana m'mwamba diso limatseguka kwambiri, ndipo misozi imauma msanga. M'mphepete mwa pamwamba pa sikirini mukhale molingana ndi maso kapena m'munsi pang'ono, kuti muziyang'ana motsika.
4. Mungu ndi fumbi. Ngati chachikulu ndi kuyabwa, pamodzi ndi kuyetsemula, vuto si sikirini yokha. Kutikita kumaonjezera kuyabwako. Ikani kansalu koyera konyowetsa ndi madzi ozizira pa zikope zotseka, ndipo funsani wa ku famase za mankhwala ake.
5. Mankhwala ena ndi magalasi omata m'diso. Mapiritsi ena a chimfine ndi ziwengo amaumitsa maso. Musasiye mankhwala amene dokotala anakulemberani, koma muuzeni.

Misozi yopanga, yogula ku famase, imathandiza, dontho limodzi m'diso lililonse mpaka kanayi pa tsiku. Ngati mukufunika kudontheza koposa apo, funsani ya mtundu wopanda mankhwala osungitsa. Koma pano ndichenjeze mwamphamvu. Musagule madontho "oyeretsa maso" kuti muzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa mukawasiya kufiira kumabwerera kochuluka. Musabwereke madontho a munthu wina, makamaka okhala ndi sitiroyidi, chifukwa akagwiritsidwa ntchito popanda woyang'anira angakweze mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuwononga mtsempha woonera. Ndipo musadonthezere m'diso mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, kapena madzi a masamba a zitsamba, ngakhale wokulangizaniyo akhale wamkulu amene mumamulemekeza, pakuti maso ambiri awonongeka motero.

## Chizindikiro chachitatu: kuona mwachimbuuzi

Pali mitundu iwiri yofunika kuisiyanitsa. Wina ndi woti mukachotsa maso pa foni n'kuyang'ana kutali, zinthu zimatenga masekondi angapo kuti zioneke bwino. Wina ndi woti zilembo zapafupi zenizenizo zimasokonekera.

1. Kamnofu ka disolo kachedwa kumasuka. Uwu ndi mtundu woyamba uja, wofala mwa achinyamata ndi ophunzira. Ndi chizindikiro chakuti kupuma kwachedwa. Fupikitsani nthawi ya pakati pa kupuma.
2. Kuuma kwa diso. Ngati chimbuuzicho chikuchoka mukaphethira kawiri kapena katatu, bwererani ku chizindikiro chachiwiri.
3. Msinkhu. Kuyambira zaka 40 mpaka 45 disolo limayamba kulimba mwa munthu aliyense, ndipo umboni wake ndi kukankhira foni kutali kuti muwerenge. Kupuma kumachepetsa kutopa koma sikubweza disolo. Pamafunika magalasi owerengera.
4. Magalasi osayenera mtunda wake. Magalasi owerengera amapangidwira masentimita 40, ndiye pa kompyuta ya pa masentimita 65 amakukakamizani kuweramira kutsogolo. Magalasi a mumsewu kapena a pamsika ali ndi mphamvu yofanana mbali zonse ziwiri, pamene maso a anthu ambiri amasiyana.
5. Shuga. Ngati kuona kukusinthasintha, lero bwino mawa chimbuuzi, komanso muli ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kayezetseni shuga musanagule magalasi.

## Chizindikiro chachinayi: ululu woyambira kunkhongo, khosi ndi mapewa

Ambiri amanamizira maso pamene wolakwa ndi khosi. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo ukaweramira kutsogolo, minofu ya kunkhongo imagwira ntchito yoposa kuti usagwe. Dinani ndi chala pamene khosi lakumana ndi chigaza. Ngati pakupweteka ndipo ululuwo ukukwera mpaka pamphumi, gwero lili pamenepo.

1. Kuweramira foni kapena laputopu. Kwezani foni ifike chapachifuwa, chigongono chitatsamira penapake. Laputopu ikwezeni pa mabuku, mugwiritse ntchito kiyibodi yapadera ngati ilipo.
2. Kukhala malo amodzi nthawi yaitali. Apa masekondi 20 sakwanira. Chofunika ndi kuimirira kwa mphindi 5 kuja pa ola lililonse.
3. Magalasi a magawo awiri. Amene amawerengera m'munsi mwa galasi amakweza chibwano kuti aone sikirini, ndipo khosi limapindikira kumbuyo tsiku lonse. Tsitsani sikirini, kapena funsani magalasi a mtunda wa kompyuta.

## Chizindikiro chachisanu: mutu wa usiku, makamaka magetsi akazima

Magetsi akazima kwa maola ambiri, foni imasanduka chinthu chokhacho chowala m'nyumba, ndipo anthu amaigwira pafupi kwambiri ali chigonere.

1. Sikirini yowala m'chipinda chamdima. Yatsani kanyali ka sola kapena tochi, muilozetse kukhoma kapena kudenga kuti kuwala kufalikire, ndipo tsitsani kuwala kwa foni. Poyesa, ikani pepala loyera pambali pa sikirini: ngati sikiriniyo ikuwala kuposa pepalalo kwambiri, yawalitsa.
2. Kusowa tulo. Munthu amene amagona mochedwa chifukwa cha foni amayamba tsiku ndi maso ouma kale ndi mutu wosachedwa kuwawa. Ikani foni pansi ola limodzi musanagone.
3. Njala, ludzu ndi tiyi. Kudumpha chakudya chamasana kapena kusiya mwadzidzidzi tiyi kapena khofi amene munazolowera kumabweretsa mutu wofanana ndi wa maso.
4. Mpweya woipa wa mbaula kapena jenereta. Ichi n'chosowa pa mndandandawu koma chimapha. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, mbaula yoyaka m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wosanunkha wosaoneka. Ngati anthu angapo m'nyumba imodzi akumva mutu, chizungulire ndi nseru nthawi imodzi, tulukani panja nonse, tsegulani zitseko, ndipo pitani kuchipatala. Foni ilibe mlandu pamenepo.

Masana vuto limakhala lotembenuka: dzuwa likulowa pa zenera n'kumanyezimira pa sikirini. Zimitsani sikirini muone ngati zenera kapena getsi likuonekeramo. Ngati likuoneka, tembenuzani desiki kuti zenera likhale kumbali, osati kutsogolo kapena kumbuyo kwanu. Za magalasi otchinga kuwala kwa buluu, amene akugulitsidwa kwambiri masiku ano, kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa mu 2023 amene anasonkhanitsa zoyesa zambiri sanapeze umboni woti amachepetsa kutopa kwa maso. Ndalama yake ndi bwino kuigwiritsa ntchito pokayezetsa maso.

## Chitsanzo: mayi wa zaka 44 wolemba maakaunti

Tiyerekeze mayi wa zaka 44 wokhala ku Mufakose, amene amalemba maakaunti pa kampani ina ku Southerton. M'mawa m'kombi amawerenga mauthenga a mpingo ndi a kumudzi ku Malawi, foni ili pa masentimita 25. Ku ntchito laputopu ili pa desiki, masentimita 40 kuchokera kumaso, ndipo manambala ake ndi aang'ono kuti mizere yonse ikwane. Pa nthawi ya tiyi ndi ya nkhomaliro amabwerera pa foni. Mutu umayamba cha m'ma 2 koloko masana, Lamlungu sumabwera, ndipo amamwa panado pafupifupi tsiku lililonse la ntchito.

Choyamba ayeze mphamvu imene diso lake latsala nayo. Atenge pepala la zilembo zazing'ono, alibweretse kumaso pang'onopang'ono mpaka zilembo zitayamba kusokonekera, mwana wake ayeze mtundawo ndi rula. Tinene kuti wapeza masentimita 25. Ndiye kuti mphamvu yake yonse ndi madayoputa 4, zomwe n'zoyembekezeka pa msinkhu umenewu. Mwana wa zaka 10 amakhala ndi oposa 10. Diso limagwira ntchito nthawi yaitali mosavutika ngati likugwiritsa ntchito pafupifupi theka la mphamvu yake, amene kwa mayiyu ndi madayoputa 2, kapena mtunda wa masentimita 50.

Tsopano zaoneka poyera. Pa foni akugwiritsa ntchito mphamvu yake yonse, 4 pa 4. Pa laputopu akugwiritsa ntchito 2.5, kuposa theka lija. Kuyambira m'kombi mpaka masana palibe mphindi imene kamnofu kaja kamasuka, chifukwa nthawi zimene iye amati akupuma ndi zimene diso likulemedwa koposa.

Zosintha zake zikhale izi. Laputopu ikwere pa mabuku n'kusunthira pa masentimita 60, pamene imafuna madayoputa 1.7 okha, ndipo manambala awakulitse ngakhale mizere ina ibisike. M'kombi foni ikhale m'chikwama, mauthenga ataliatali awamvere m'malo mowawerenga. Alamu ilire pa mphindi 20 zilizonse kuyambira pofika pa desiki, ndipo tiyi amwere panja. Alembe m'kabuku tsiku lililonse nthawi imene mutu wayamba, kukula kwake pa mlingo wa 1 mpaka 10, ndi mapiritsi amene wamwa.

Chimene tingayembekezere pakatha milungu iwiri n'chakuti mutu wa masana udzachepa kapena kuchedwa kuyamba, koma kuwerenga pa foni madzulo kudzakhalabe kovuta, chifukwa ngakhale pa masentimita 40 foni ikufuna 2.5. Chotsalacho kupuma sikungachichotse, ndipo n'chimene chimamutumiza kwa woyeza maso, amene mwina adzamulembera magalasi owerengera a mphamvu yochepa, monga +1.00. Nkhani ya panado nayo isanyalanyazidwe: kumwa parasetamo, amene ndiye panado, masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kapena mapiritsi osakaniza okhala ndi kodini masiku 10, kwa miyezi yoposa itatu, kumatha kuyambitsa mutu wakewake umene umabwera mphamvu ya piritsi ikatha. Mayiyu wadutsa kale malire amenewo, ndipo ayenera kuuza dokotala kuti amuthandize kuchepetsa. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 a parasetamo pa tsiku, omwe ndi mapiritsi 8 a mamiligalamu 500.

## Pamene muyenera kusiya kudzithandiza nokha

Kutopa kwa maso chifukwa cha sikirini sikuchititsa khungu, ndipo kumachepa munthu akapuma kapena akagona. Mutu umene sutsatira lamulo limeneli musanene kuti ndi wa foni.

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ngati:

- mutu wayamba mwadzidzidzi n'kufika pachimake m'mphindi imodzi, woposa uliwonse umene munamvapo;
- nkhope yapotoka, mkono kapena mwendo wafooka, kapena mawu akutuluka mosokonekera, zomwe ndi zizindikiro za sitiroko;
- diso limodzi lafiira, likupweteka kwambiri, mukuona mikombero ya utawaleza kuzungulira magetsi ndipo mukusanza, chifukwa mphamvu ya madzi a m'diso ikakwera mwadzidzidzi diso lingafe m'masiku ochepa;
- kuona kwatayika mwadzidzidzi, mukuona zinthu ziwiriziwiri, kapena mukuona kung'anima ndi timadontho takuda tambiri ndi mthunzi wotchinga mbali imodzi;
- thupi latentha, khosi lauma, ndipo kuwala kukukupwetekani;
- thupi latentha ndipo mwangobwera kumene kuchokera ku Malawi kudzera ku Tete ndi Nyamapanda, kapena ku madera ena otentha; mu Harare malungo si ofala, choncho tchulani ulendowo kuti akuyezeni magazi;
- ndinu oyembekezera, mimba yapitirira milungu 20, ndipo mutu wabwera ndi kusaona bwino kapena kutupa kwa nkhope ndi manja;
- mutu wayamba mutamenyetsa mutu, kapena wabwera ndi kukomoka.

Kaonaneni ndi dokotala kapena namwino m'masiku ochepa ngati:

- mutu umakudzutsani usiku, kapena umakhalapo kale podzuka ndipo ukukulirakulira mlungu ndi mlungu;
- mwapitirira zaka 50 ndipo mutu wa mtundu umenewu ndi wachilendo kwa inu, makamaka ngati m'mbali mwa mutu mukupweteka pokhudza kapena nsagwada zikutopa potafuna, pamenepo musadikire tsiku lachiwiri;
- mutu umagunda mbali imodzi, ndi nseru ndi kudana ndi kuwala ndi phokoso, umene ndi mutu waching'alang'ala; sikirini imatha kuudzutsa, koma uli ndi mankhwala akeake;
- muli ndi kachilombo ka HIV, shuga kapena vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo mutu wasintha khalidwe lake.

Kayezetseni maso ngati milungu iwiri ya kupuma ndi kusintha mtunda sinathandize, ngati mwapitirira zaka 40 musanayezetsepo, kapena ngati m'banja mwanu muli amene anadwala gulakoma, matenda owononga mtsempha woonera mwakachetechete. Mwana amene akutsinzinira poona bolodi kapena kuyandikitsa foni kumaso ayezedwenso msanga. Kwa ana, kusewera panja pafupifupi maola awiri pa tsiku kumachepetsa mwayi woyamba vuto losaona kutali.

Oyeza maso ndi kulemba magalasi amapezeka m'tauni ndi m'malo ogulitsira ambiri, ndipo kwa matenda a diso lenileni kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu ingakulembereni kalata yopita ku chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi, chimene chili pa Parirenyatwa. Popita tengani magalasi anu akale, mayina a mankhwala onse amene mukumwa, ndi kabuku kamene mwalembamo masiku ndi maola a mutu. Yezeranitu ndi tepi mtunda wa kuchokera pa diso kufika pa kompyuta ndi pa foni, muuze woyezayo manambala onse awiri ndi maola amene mumakhala pa chilichonse, chifukwa mphamvu ya magalasi imasankhidwa motsatira mtunda umenewo, ndipo mukapanda kuutchula adzakulemberani a masentimita 40 owerengera buku.